Phunziro la Bizinesi: Dandaulo Loyamba Kukonza Ndi Liti?

Makasitomala akamadandaula zinthu zambiri, mwini bizinesi sangakonze zonse pakamodzi, chifukwa ndalama ndi nthawi n'zochepa. Njira ya Pareto imamuthandiza kusankha poyambira. Dzinali ndi la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy, koma amene anafalitsa njirayi m'mafakitale ndi Joseph Juran. Mfundo yake ndi yakuti nthawi zambiri madandaulo ochuluka amachokera pa zifukwa zochepa chabe.

Tiyerekeze kuti mwini chigayo walemba m'kope dandaulo lililonse kwa mwezi wathunthu ndipo apezeka 50. Poyamba awaike m'magulu, kenako asanje maguluwo kuyambira lalikulu:

Kudikira nthawi yaitali: 22
Ufa wokhakhala: 16
Ufa kuchepa: 6
Kusowa chenji: 3
Mwano wa ogayitsa: 2
Kachitsulo mu ufa: 1

Tsopano apeze peresenti ya gulu lililonse. Agawe 22 ndi 50, yankho alichulukitse ndi 100, ndipo apeza 44. Magulu enawo apereka 32, 12, 6, 4 ndi 2. Akatero aphatikize motsetsereka: 44 kuphatikiza 32 ndi 76, kuonjezapo 12 ndi 88. Apa zaoneka kuti magulu awiri okha mwa asanu ndi limodzi anyamula madandaulo 38 mwa 50. Ayambire pamenepo. Musadabwe kuti yankho silinakwane 80 ndendende. Lamulo lotchedwa 80/20 ndi chongoyerekeza, si masamu okhazikika.

Ophunzira, chenjerani ndi zinthu zitatu. Choyamba, kuwerengaku kumangoonetsa pamene pali vuto, osati gwero lake. Ufa wokhakhala ungabwere chifukwa cha sefa yobooka, pomwe mzere wautali ungabwere chifukwa cha kuthima kwa magetsi kapena kutsegula mochedwa. Mwini chigayo ayenera kufufuza asanaononge ndalama.

Chachiwiri, magulu asakhale otakata. Akangolemba kuti "ntchito yoipa", mwano, chenji ndi kudikira zilowa thumba limodzi ndipo sadziwa chokonza. Chizindikiro cha vutoli ndi kuona gulu la "zina ndi zina" lili pamwamba pa mndandanda.

Chachitatu, kuchuluka si kuopsa. Dandaulo la kachitsulo ndi limodzi lokha ndipo lili pansi penipeni, koma kachitsuloko kangavulaze mwana akudya nsima. Loterolo likonzedwe tsiku lomwelo, osadikira masamu.

Akasintha sefa, awerengenso mwezi wotsatira pogwiritsa ntchito magulu omwewo. Ngati 16 uja watsika, mankhwala agwira. Ngati sanatsike, gwero lili kwina.

Ntchito ya kunyumba: ufa wokhakhala utatsika kufika pa 2, ena onse osasintha, madandaulo atsala angati? Nanga kudikira kwatenga peresenti yanji?