Phunziro: Kujambula Oumba Mbaula Kuti Ntchito Yawo Ikhale Nkhani

Wophunzira wanga, lero tiphunzira kujambula kanema wa kuseri. Uyu ndi kanema wosonyeza zimene wogula saziona: kumene chinthu chimapangidwira, manja amene amachigwira, ndi zovuta zimene chimadutsamo chisanafike pamsika. Ndikudziwa kuti kugwira foni ndi kujambula ukudziwa kale. Chimene ndikufuna uphunzire lero ndi kusanja zimene wajambulazo kuti zikhale nkhani.

Titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho mpaka kumapeto. Chitsanzocho ndi gulu la amayi oumba mbaula ya Chitetezo, mbaula yadongo yonyamulika ija yosatha nkhuni, imene magulu a kumidzi amaumba m'maboma monga Mulanje ndi Balaka. Ntchito yawo imayenda motere: amakumba dongo, amalivundika, amaliponda nachotsa timiyala, amaumba m'chikombole, amaboola khomo la nkhuni, amamata timafuwa titatu tokhazikapo poto, amasalaza, amaumitsa pamthunzi, kenako amaotcha mu uvuni.

Wojambula wongoyamba amajambula zonsezi motsatana, chimodzi pambuyo pa chinzake, nayika nyimbo pamwamba. Zithunzi zimakhala zabwino ndithu, koma woonera amaleka pakati, chifukwa palibe chimene akudikira. Wapatsidwa mndandanda wa ntchito, sanapatsidwe nkhani.

Tsono nkhani nchiyani? Nkhani imakhalapo pamene pali munthu amene akufuna chinthu, ndipo pali chimene chingamulepheretse. Bwereza mawu amenewa mpaka akhazikike: munthu, chimene akufuna, chimene chingamulepheretse. Zitatuzi zikapezeka, mumtima mwa woonera mumabadwa funso, ndipo funsolo ndi limene limamukhazika pansi mpaka kanema atatha.

Njira imene funsolo limayenda timaitcha uta wa nkhani, chifukwa imafanana ndi uta wa mlenje. Poyamba ukoka chingwe, kenako chimakungika pang'onopang'ono, ndipo pamapeto muvi umachoka. Mbali zake ndi zinayi. Chiyambi chimatiuza munthu ndi chimene akufuna. Chikwera ndi pamene ntchito ikuyenda ndipo chiopsezo chikukula. Pachimake ndi pamene funso layankhidwa. Mathero amatisonyeza zimene zatsatirapo.

Funso la oumba mbaula sulipeka ayi, lili kale m'ntchito yawo. Mayi waumba kwa masabata, koma sadziwa ngati mbaula zake zili bwino mpaka zitatuluka m'moto. Kodi zituluka zamphumphu kapena zong'aluka? Limeneli ndilo funso la kanema wako. Uyambe wafika pamalopo tsiku lina usanajambule, foni ili m'thumba, upereke moni, ufotokoze cholinga chako ndi kumene kanemayo akaonetsedwe, upemphe chilolezo kwa aliyense amene adzaoneke. Kenako ufunse mwaulemu kuti, "Amayi, pantchito yanuyi chimene chimakudetsani nkhawa kwambiri nchiyani?" Yankho lawo ndilo msana wa nkhani yonse. Usafunse kuti, "Kodi mumaikonda ntchito yanu?" Funso lotero limabweza "eya" basi.

Apa tichedwepo, chifukwa wojambula amene sadziwa chimene chimang'alula dongo sangadziwenso poloza kamera. Zifukwa zazikulu ndi ziwiri, madzi ndi miyala.

Dongo likamauma limanyala. Ukaika mbaula yaiwisi padzuwa, kunja kumauma msanga nkunyala pamene m'kati mudakali chinyezi, ndipo mbali ziwirizo zikakokana pamabuka mng'alu. Nchifukwa chake amaumitsa pamthunzi mosafulumira. Ndipo ngati mbaula yalowa mu uvuni isanaumitsitse, madzi otsalawo akafika pa madigiri 100 amasanduka nthunzi, nthunziyo imasowa potulukira, mbaula nkuphulika. Oumba odziwa amayamba ndi moto wochepa, nawonjezera nkhuni pambuyo pake.

Mwala nawo uli ndi khalidwe lake. Kamwala kotsalira m'dongo sikanyala pamene dongo likunyala, ndipo pamoto sikafufuma mofanana ndi dongo loizungulira. Mwala woyera wolimba uja, umene akatswiri amautcha kwatsi, umafufuma mwadzidzidzi ukafika pa madigiri 573. Mng'alu umayambira pomwepo.

Waona tsopano chimene wapeza? Ntchito yotola timiyala, imene imaoneka yosakoma kuijambula, ndiyo yofunika koposa m'kanema wako. Yandikira. Jambula zala za mayi zikufufuza m'dongo, zikugunda kanthu kolimba, zikutulutsa kamwala kofanana kukula ndi njere ya chimanga, nkukaponya m'mbale kuti "go". Pamenepo pamveke mawu awo akunena chimene kamwalako kangachite pamoto. Woonera akangomva zimenezi, mbaula iliyonse imene ikulowa mu uvuni amaiyang'ana ndi mtima wam'mwamba. Luso limeneli timalitcha kubzala: kusonyeza chinthu koyambirira kuti chidzabale tanthauzo kumapeto. Chimene sunabzale pachiyambi sungakolole pachimake.

Tsopano tione kajambulidwe. Chidutswa chimene umajambula kuchokera pamene wadina batani mpaka pamene waleka timachitcha shoti. Mashoti ali mitundu itatu. Shoti yapatali imasonyeza malo onse: chisakasa, mulu wa dongo, uvuni. Shoti yapakati imasonyeza munthu ndi ntchito yake pamodzi. Shoti yapafupi imasonyeza manja, nkhope kapena chida. Pa ntchito iliyonse tenga yonse itatu, ndipo iliyonse uigwire masekondi 10 osagwedeza, ngakhale udzagwiritse ntchito 4 okha. Kuti uyandikire, yenda ndi miyendo yako. Kukoka chithunzi ndi zala pagalasi kumachititsa kuti chizilala ndi kunjenjemera.

Kuwala kumavutitsa m'chisakasa, chifukwa m'kati muli mdima pamene panja pali dzuwa. Ukajambula utayang'ana kukhomo, mayi aoneka bii ngati chithunzithunzi. Ima cha kukhomoko, kuwala kukhale kumbuyo kwako kapena pambali pako. Pamafoni ambiri, ukadina ndi kugwiritsa chala pamalo amene ukufuna aoneke bwino, foni imatseka kuwala pamenepo nkuleka kusinthasintha. Pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF LOCK. Zimenezi nzothandiza kwambiri pauvuni, pamene malawi amasokoneza kamera.

Mawu uwasamale kuposa zithunzi. Munthu amapirira chithunzi chozilala pang'ono, koma mawu osamveka amamuthamangitsa. Pofunsa mafunso, khala pamalo opanda mphepo, foni isatalikire kuposa mkono umodzi kuchokera kwa wolankhula, ndipo upemphe kuti wailesi izimitsidwe. Ukatha, jambulanso phokoso la ntchito palokha: mapazi akuponda dongo, chikombole chikuzungulira, nkhuni zikuthetheka. Ine ndimaona kuti phokoso limeneli limaposa nyimbo iliyonse imene ungaike pamwamba, ndipo nyimbo ya mwini wake yoikidwa popanda chilolezo ikhoza kuchititsa kuti kanema wako atsekedwe mawu pa YouTube kapena pa Facebook.

Pali vuto lina la ntchito yadongo: imatenga masabata. Sungakhale pamenepo nthawi yonse. Gwirizana ndi gulu kuti ufike pamasiku a ntchito zikuluzikulu, lokonza dongo ndi kuumba, lolonga ndi kuyatsa uvuni, ndi lotsegula uvuni ukazizira. Ndipo usankhe mbaula imodzi yoti uitsate. Pempha mayi kuti aidinde kachizindikiro dongo likadali lofewa, kaya timizere titatu kunsi kwake, ndipo uijambule pafupi nthawi iliyonse. Woonera sangadere nkhawa mbaula zonse za mu uvuni, koma ya timizere titatu ija aifunafuna ndi maso.

Tiyeni tsopano tisanje kanema wa mphindi 3, ndiye kuti masekondi 180. Kusanja ndiko kudula mashoti ndi kuwalumikiza, ntchito imene ungaichite pafoni pomwepo ndi pulogalamu monga CapCut.

Chiyambi uchipatse masekondi 20. Usayambe ndi dzina la gulu kapena chikwangwani. Yamba ndi mulu wa mapale a mbaula zimene zinasweka kale kuseri kwa uvuni, mawu a mayi akufotokoza kuti moto ukhoza kuwononga thukuta la masabata. Kenako tione nkhope yawo, timve kuti ndi ndani ndipo mbaulazi akuumbira ndani.

Chikwera uchipatse masekondi 90: dongo, kamwala kaja, chikombole, timafuwa, chizindikiro, mzere wa mbaula zikuuma pamthunzi, kulonga, moto wochepa, moto waukulu. Sikuti zonse zilandire nthawi yofanana. Kukumba dongo kungathe m'masekondi 5, pamene kamwala kafunika 15. Pamene moto ukukula, fupikitsa mashoti kuti mtima wa woonera uthamange.

Pachimake upatse masekondi 45, ndipo apa uchite zosiyana: usadule pafupipafupi, usaike nyimbo, usalankhulepo. Uvuni watsegulidwa. Mbaula zimene zinalowa zotuwa zatuluka zofiira. Mayi anyamula ya timizere ija, aipukuta phulusa, aigogoda ndi chala. Yakupsa bwino imalira kuti "ngwee", yong'aluka imangoti "pho". Foni ikhale pafupi kuti kulirako kumveke, ndipo ukangomveka, kweza kamera pankhope yawo. Mphindi imeneyi sibwerezeka, choncho ufike batire ili yodzaza ndi malo okwanira m'foni, uyambe kujambula asanatsegule.

Masekondi 25 otsala ndi mathero: mbaula ili pakhomo pa wogula, poto ali pamoto, ndipo pagalasi palembedwa dzina la gulu ndi kumene lingapezeke, ngati eni ake avomera. Werengera: 20, 90, 45 ndi 25 zikwana 180.

Mwina ukufunsa kuti, nanga mbaula yathu ikasweka? Uijambule, ndipo eni ake akalola, uisonyeze. Mayi akathyola phalelo nkupeza kamwala pamene mng'alu wayambira, waphunzitsa woonera chinthu chimene sadzaiwala. Nanga zonse zikatuluka bwino? Ndiye chimwemwe chawo ndicho chimake. Chimene sindikulola ndi kupempha munthu kuti aswe mbaula dala kapena anamizire kulira. Kubwerezetsa dzanja kuti utenge shoti yapafupi nkololedwa, pakuti ntchitoyo ndi yomweyo imene amachita tsiku ndi tsiku. Kupeka tsoka ndi bodza, ndipo kumaipitsa mbiri ya katundu wa anthu amene akulandira bwino.

Ukamaliza kusanja, yesa kanema wako motere. Muonetse mnzako amene sadziwa za ntchitoyi, uimitse pa sekondi ya 30, umufunse kuti akudikira kuona chiyani. Akati, "Ndikufuna ndione ngati sizisweka," uta wakungika. Akati, "Kaya," bwerera ukakonze chiyambi. Ukatero ukawaonetse amayiwo usanatumize kwina kulikonse, ndipo chimene akana uchichotse.

Ntchito yako sabata ino nayi: pita kwa mmisiri mmodzi wa kwanu, woumba, wokhoma zidebe kapena woluka mipando, usajambule kanthu, ungomufunsa chimene chimaonongeka pantchito yake ndi mmene amadziwira kuti chaonongeka. Ulembe yankho lake m'chiganizo chimodzi, ubwere nacho tidzaonere limodzi.