Amuna anga angotumiza "?" basi, kodi ndiwayankhe chiyani?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kufupi ndi Nachisaka. Bambo akunyumba ali ku Joni, chaka chino n'chachitatu, ndipo timalankhulana pa WhatsApp. Kwathu kuno netiweki imagwira ukakwera kumtunda, ndipo foni ndimakatchajitsa kumsika.

Lachiwiri madzulo ndinawalembera za ndalama za feteleza. Lachinayi nditatsegula foni ndinapeza iwo atumiza "?" popanda mawu, kenako kadontho kamodzi kokha. Mtima unandipweteka. Ndinaona ngati akundifunsa kuti ndinali kuti ndipo ndinali ndi yani, kapena akuti nkhani yanga ya ndalama ndi yopanda pake. Ndinayankha kuti, "Ngati mawu akutherani mungosiya." Chiyambire tsikulo sitinalankhulanenso. Mlamu wanga akuti ndinachita mwano, koma mnzanga akuti mwamuna akayamba kutumiza timadontho ndiye kuti wapeza wina. Ndimvere ziti?

Mayi wa awiri, Nachisaka

*

Zikomo mwana wanga,

Ndakumva, ndipo kupwetekedwa mtima kwako sindikukupeputsa. Munthu amene watsala yekha ndi ana ndi munda amayembekezera mawu, ndiye akalandira kachizindikiro kokha mtima umayamba kudzaza wokha mawu amene palibe. Koma usamvere mlamu wako kapena mnzako pakadali pano. Onse awiri akumasulira chinthu chimene pachokha chilibe tanthauzo. Tanthauzo la "?" kapena kadontho limakhala m'mauthenga amene ali pamwamba pake ndi pa nthawi imene kanatumizidwa. Umboni wonsewo uli m'foni mwako, ndipo ndikufuna tiuone limodzi.

Choyamba, tsegula macheza anuwo ukwere m'mwamba mpaka pa uthenga wako wa Lachiwiri. Yang'ana ngati pakati pa uthenga wakowo ndi "?" pali china chimene iwo analemba. Foni ikakhala masiku awiri yozima kapena kopanda netiweki, mauthenga amalowa onse nthawi imodzi, ndipo diso limagwera pa womaliza. Tiyerekeze kuti unalemba 5 koloko madzulo uli kumtunda, n'kutsetsereka kupita kunyumba. Iwo aweruka kuntchito, cha m'ma 7 koloko ayankha kuti, "Matumba angati, wa chitowe kapena wobereketsa?" Adikira mpaka 9 koloko, zii. Atumiza "?". M'mawa mwake, ziii, atumiza kadontho. Ngati zinayenda chomwechi, "?" uja sakufunsa kumene unali. Akungoti funso langa lija ndikudikirabe yankho. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi, choncho maola amene ukuwaona pafoni sufunika kuwonjezera kapena kuchotsera.

Ngati pakati pake palibe chilichonse, ndiye werenganso uthenga wako ngati kuti ndiwe mlendo. Kodi unamveka? Nthawi zambiri timalemba mothamanga poopa kuti batire litha kapena bandulo ithera panjira, mawu ena n'kuduka, foni n'kusintha mawu achichewa kukhala zina. Kapena unatumiza chithunzi kapena uthenga wa mawu umene kwa iwo sunatseguke. Pamenepo "?" akutanthauza kuti sindinamve, bwerezanso.

Chachiwiri, dziwa zimene iwo amaona pafoni yawo iwe ukakhala kumunsi kopanda netiweki. Pa WhatsApp, kawotchi kakang'ono pambali pa uthenga kamasonyeza kuti uthengawo sunachoke n'komwe m'foni. Tiki imodzi yotuwa ndiye kuti wachoka koma sunafike pafoni ya mnzako. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika. Matiki awiri a buluu ndiye kuti wautsegula, pokhapokha ngati munthuyo anazimitsa zoonetsa kuti wawerenga. Tsono amuna ako kwa masiku awiri ankangoona tiki imodzi. Tiki imodzi imeneyi imaoneka foni ikazima, bandulo ikatha, netiweki ikasowa, komanso munthu akakubuloka. Ali kutaliko sangathe kusiyanitsa. WhatsApp salola kutumiza uthenga wopanda kanthu, choncho munthu amene akufuna kungoyesa ngati njira yatseguka amatumiza chinthu chaching'ono kwambiri chimene chilipo, ndicho kadontho. Akaona matiki awiri amadziwa kuti foni yako yayaka. Anthu ambiri amene abale awo ali kumidzi ya netiweki yovuta amachita zimenezi, ndipo kawirikawiri n'chizindikiro cha nkhawa, osati mwano.

Iwenso ukhoza kuona ulendo wa uthenga wako. Udinikize chala pa uthenga umene unatumiza, usankhe `Info`, ndipo uona nthawi imene unafika pa `Delivered` ndi imene unawerengedwa pa `Read`. Chita zimenezi pa yankho lako laukali lija. Ngati linafika koma silinawerengedwe, kapena lili ndi tiki imodzi mpaka lero, mwina chete amene ukumuona ngati mkwiyo ndi foni yowonongeka, yobedwa kapena magetsi ozima, pakuti nako ku Joni magetsi amazimazima.

Pali chinanso chosavuta koposa zonsezi. Kadontho kamatha kupita kokha foni ili m'thumba la ovolosi, kapena mwana wa mnzawo akuiseweretsa. Ukachiona chotere umachizindikira ndi nthawi yake yosayembekezeka, komanso nthawi zina chimabwera ndi zilembo zosamveka pambuyo pake.

Uziona kadontho ngati munthu amene wanena "odi" pakhomo. Odi si nkhani, ndipo palibe amene amakalipira mlendo chifukwa chakuti wangoti odi. Umamuyankha, n'kumva chimene wadzera. Ndiye lamulo langa ndi ili: chizindikiro chopanda mawu chochokera kwa munthu amene umamudziwa uzichiyankha kamodzi, ndi mawu athunthu, opanda minga, ndipo yankholo linene zinthu ziwiri, chimene chinachitika kumbali yako ndi funso lolunjika. Mwachitsanzo: "Ndaona uthenga wanu tsopano, foni inali kotchajitsa kuyambira Lachiwiri. Mumafunsa za feteleza kapena pali zina?" Usabweze "?" pa "?" mnzake, chifukwa pamenepo nonse awiri mumakhala mukudikira ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye wayamba matama. Usayankhenso mlandu umene sunaimbidwe. Ukayamba kulumbira kuti sunapite kulikonse pamene palibe wakufunsa, umadzala chikayiko chimene panalibe.

Tsono popeza yankho laukali linapita kale, ntchito yoyamba ndi yako, osati chifukwa chakuti ndiwe mkazi, koma chifukwa mawu omaliza olasa anachokera kwa iwe. Nkhani ngati iyi siitha bwino polemba. Ukakwera kumtunda, tumiza uthenga wa mawu kapena uimbe, amve liwu lako. Unene mwachidule: "Bambo a mwana, nditaona chizindikiro chija popanda mawu mtima unandipweteka, ndinayankha mokwiya, pepani. Mumafuna kunena chiyani?" Ukatero ukhale chete, uwamvetsere. Ukamva yankho lawo, nawenso unene chosowa chako mosabisa, kuti kuno umayenda mtunda kuti upeze netiweki, ndipo ukapeza kadontho kokha umabwerera kunyumba wopanda chimene wamva. Uwapemphe kuti azilembako mawu ngakhale atatu, monga "Wafika uthenga wanga?" kapena "Ukayatsa undiuze." Mawu atatu sadya bandulo yoti munthu n'kuidandaula, ndipo pa uthenga wamba wa SMS mtengo wa kadontho kamodzi ndi wofanana ndi wa zilembo 160.

Mukagwirizana, ikani pangano. Kale tisanazolowere WhatsApp tinkafulashana, ndipo kufulasha kunkamveka chifukwa anthu ankapangana kale kuti kamodzi ndiye kuti ndafika bwino, kawiri ndiye kuti ndiimbire. Popanda pangano, kufulasha kunkangosokoneza. Chitani chimodzimodzi. Muuzane masiku amene umakatchajitsa foni ndi ola limene umakhala pa netiweki, mwina Lachiwiri ndi Loweruka madzulo, kuti akaona tiki imodzi masiku enawo asamade nkhawa. Mugwirizanenso kuti pakagwa za mwadzidzidzi, monga matenda a mwana, aziimba pa nambala ya wachibale kapena woyandikana naye amene foni yake imakhala yoyaka.

Sindikubisira kuti nthawi zina "?" amakhala chikwapu. Uzimuzindikira chonchi: amabwera patangopita mphindi zochepa uthenga utafika, amabwera motsatizana atatu kapena anayi, ndipo ukafotokoza bwinobwino za netiweki munthuyo samva, amafuna umutumizire chithunzi cha pamene uli kapena amaopseza kuti asiya kutumiza ndalama za ana. Zikafika apo vuto si chizindikiro ayi, ndi kusakhulupirirana ndi kulamulirana, ndipo nkhani yotere imafuna ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Koma m'kalata yako mwaoneka "?" mmodzi ndi kadontho kamodzi m'masiku awiri a foni yozima. Umenewo si umboni wa nkhanza, ndiponso si umboni wa mkazi wina. Mnzako wakuuza maganizo ake, sanakuuze chimene waona.

Zonsezi ndanena za munthu amene umamudziwa. Kadontho kapena "?" kochokera pa nambala yachilendo usakayankhe. Akuba a pafoni amatha kuyamba ndi kauthenga kopanda kanthu kuti aone ngati nambala ili ndi mwini wake, kenako amabwera ndi nkhani yoti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Iwe amene amuna ako ali kunja ukhale tcheru kwambiri ndi nambala yatsopano, ngakhale yoyamba ndi +27, yonena kuti ndi iwo asintha foni. Usanatumize kanthu pa Mpamba kapena Airtel Money, imba pa nambala yakale kapena umve liwu lawo, ndipo nambala yako yachinsinsi usauze munthu aliyense.

Mvula sidikira kuti anthu ayanjane, ndipo feteleza uja akufunikabe. Mawa ukatchajitsa foni, kwera kumtunda, uyambe wawerenga zimene zili pamwamba pa chizindikiro chija, kenako uwaimbire amuna ako.

Azakhali