Foni ikumveka motsika kapena mopokosera poyimba: kodi vuto lili pati?

Ophunzira akandibweretsera foni n'kunena kuti sipika yafa, ndimayamba ndawafunsa kuti, “Sipika yake iti?” Mafoni ambiri ali ndi masipika awiri. Yaing'ono ili kumtunda, pamene mumaika khutu, ndipo ndi imene imagwira ntchito mukamayankhulana ndi munthu. Yaikulu imakhala kumunsi kapena kumbuyo, ndiyo yoimba nyimbo. Ndiye foni ikhoza kumaimba nyimbo bwinobwino koma mawu a amene wakuyimbirani osamveka.

Kumbukirani zija tinaphunzira, kuti phokoso ndi kunjenjemera kwa mpweya. M'kati mwa sipika muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi kachikopa kopepuka komatidwa ku koyiloyo. Magetsi akamadutsa m'koyilo uku akusinthasintha kolowera, maginito amaikankha ndi kuikoka, ndipo kachikopa kaja kamanjenjemera n'kumakankha mpweya. Mpweyawo umatulukira pa kasefa ka timabowo ting'onoting'ono n'kufika m'khutu mwanu.

Apa mutha kuona kusiyana kwa mavuto awiri. Timabowo tikatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi thukuta, kachikopa kamanjenjemera ndithu koma mpweya umasowa potulukira. Mawu amatsika, amamveka ngati munthu akuyankhulira m'bulangete. Koma china chake chikakhudza kachikopa kenikeniko, monga dontho la madzi kapena tizidutswa tachitsulo tokokedwa ndi maginito, kamalephera kuyenda momasuka. Pamenepo mawu amathetheka ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni.

Tiyerekeze kuti mayi anu amagwira ntchito pachigayo, ndipo akudandaula kuti anthu sakumveka pafoni. Tichite ngati mu labu: kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuona zotsatira.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Ayimbireni ndi foni ina, ndipo akayankha dinani batani lokwezera voliyumu. Muchite zimenezi foni ili pakati poyankhulana, chifukwa voliyumu ya poyimba ndi yosiyana ndi ya nyimbo, ndipo pa mafoni ambiri batanilo limasintha ya poyimba pa nthawi yokhayo. Onaninso ngati Bluetooth ndi yozimitsa, poti mawu akhoza kumapita ku mahedifoni amene ali m'chikwama. Ngati pamwamba pa sikirini pakuoneka kachizindikiro ka mahedifoni pomwe palibe cholumikizidwa, ndiye kuti m'bowo la mahedifoni muli zinyalala kapena chinyezi, ndipo foni ikuyesa kuti mwawalowetsa.

Tinene kuti voliyumu yafika kumapeto koma mawu adakali otsika. Dinani Speaker. Ngati tsopano munthuyo akumveka bwino, netiweki ilibe mlandu, ndipo maikolofoni ya woyimbayo ilinso bwino, chifukwa mawu ake ndi omwewo, tangosintha potulukira. Vuto latsalira pa sipika yaing'ono. Zikanakhala kuti mawu akudukaduka pa masipika onse awiri pomwe nyimbo zikumveka bwino, tikanakayikira netiweki kapena foni ya winayo.

Tsopano unikani kasefa ka kumtunda ndi tochi. Pa foni ya pachigayo mupeza timabowo tadzaza ufa. Nthawi zina wotseka amakhala galasi lotetezera sikirini lomatidwa mokhota. Zimitsani foni, iyang'anitseni pansi kuti zinyalala zizigwera kunja, ndipo tsukani kasefako pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa, wouma. Singano ayi. Kachikopa kali pafupi kwambiri kuseri kwa sefayo, ndipo kakabooka sikasokeka. Musapemerereponso ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo ufa ukanyowa umasanduka phala.

Nanga ngati mawu anayamba kuthetheka foni itanyowa ndi mvula? Izimitseni, musaitchaje, ipukuteni, ndipo muisiye pamalo odutsa mphepo, pamthunzi, kwa maola 24 kapena kuposerapo. Musaiyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, kutentha kumawononga batire ndi guluu wogwira zipangizo zam'kati. Zoikwirira mu mpunga zija sizifulumizitsa kuuma kuposa mphepo, m'malo mwake fumbi la mpunga limakalowanso m'timabowo tomwe tija.

Pali mayeso enanso amene amakuuzani poti muimire. Tsitsani voliyumu kufika pakati. Kuthetheka kukasiya, ndiye kuti pa voliyumu yonse kachikopa kamakankhidwa mpaka pamalire a mtunda umene kangayende, ndipo yankho ndi kusakweza mpaka kumapeto. N'chifukwa chake mapulogalamu olonjeza kuwonjezera voliyumu sindiwalimbikitsa: amangoikakamiza sipika kudutsa malire ake. Koma ngati foni ndi youma, kasefa n'koyera, ndipo mawu akuthethekabe ngakhale pa voliyumu yotsika, mwina kachikopa kang'ambika kapena koyilo ikukhula pa maginito. Zimenezo mswachi sungakonze. Pitani nayo kwa okonza mafoni, ndipo muwauze kuti Speaker ikumveka bwino, yovuta ndi yaing'ono ya kumtunda, kuti asakusinthireni sipika yabwinobwino.