Mphindi Zitatu Pamaso pa Anzako

Chigawo chathachi aphunzitsi athu a Chingerezi anauza aliyense wa ife kuti akonze mawu a mphindi zitatu, okopa anzake kuti avomere kuti maphunziro ndi ofunika. Ine ndinaimirira kawiri. Ulendo woyamba ndinagwa nayo, ndipo wachiwiri ndinakhoza. Tsono popeza anzathu a Fomu 1 ndi Fomu 2 adzakumana nayo ntchito yomweyi, ndati ndilembe zimene ndinaphunzirapo, kuti iwo asapunthwe pamwala umene ndinapunthwapo ine.

Ulendo woyambawo ndinakhala masiku atatu ndikutola mawu aataliatali m'dikishonale. Ndinasanja zifukwa zisanu ndi zitatu: ntchito yabwino, ulemu, chitukuko cha dziko, ukhondo ndi zina zotere. Zonsezi ndinaloweza pamtima monga ndakatulo. Koma nditafika pa chifukwa chachinayi liwu limodzi linandithawa, ndipo onse otsatira anathawa nalo. Ndinaima chilili, thukuta lili kamukamu. Nditakhala pansi, aphunzitsi anafunsa kalasi kuti ndanena chiyani, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusiyo tsiku limenelo ndinali ine.

Chinthu choyamba chofunika kudziwa ndi kuchepa kwa nthawi. Munthu wolankhula Chingerezi modekha, kuti amveke kumbuyo kwa kalasi, amatchula mawu ngati 120 pa mphindi imodzi. Kotero pa mphindi zitatu uli ndi mawu 360 okha, amene sadzaza ndi masamba awiri omwe a kope. M'malo ochepa chotere simungalowe zifukwa zisanu ndi zitatu ayi. Mumalowa chifukwa chimodzi, pamodzi ndi nkhani imodzi yochitsimikizira.

Chachiwiri ndi ichi: anzako onse anamva kale kuti sukulu ndi yabwino, ndipo kuwauzanso sikuwakopa. Chimene sanamve ndi chimene unaona iwe ndi maso ako. Nchifukwa chake ulendo wachiwiri ndinasiya dikishonale ndi kutenga nkhani ya kwathu.

Nkhaniyo ndi iyi. Chaka china amayi anakolola mtedza matumba asanu ndi limodzi, ndipo thumba lililonse analiyeza kale pa sikelo ya pachigayo, nilikwana makilogalamu 50. Kunabwera wogula wina ndi sikelo yakeyake, nayamba kulemba 45 pa thumba lililonse, akulankhula msangamsanga. Mlongo wanga wamng'ono, amene anali mu Sitandade 6, anawerengera pansi ndi kamtengo. Anapeza kuti matumbawo ayenera kukwana makilogalamu 300, koma wogulayo afuna kulipira 270 okha. Otayikawo anali makilogalamu 30, ndiko kuti kuposa theka la thumba. Amayi atamva, anakana kugulitsa.

Mawu anga 360 aja ndinawagawa motere. Mawu 40 oyamba anali moni kwa aphunzitsi ndi anzanga, ndi funso limodzi: ndani wa inu angalole kuti amayi ake alime theka la thumba la mtedza kulimira mlendo? Funsoli linadzutsa ngakhale ogona a kumbuyo, pakuti ambiri a ife fizi yathu imachokera kumunda. Pamenepo ndinafotokoza nkhani ija ndi mawu 150, ziwerengero zonse ndikuzitchula pang'onopang'ono. Mawu 50 otsatira ananena tanthauzo lake: munthu wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera sanyengedwa msanga, ndipo phindu limeneli sililinda kuti uyambe walembedwa ntchito.

Kenaka ndinachita chimene ambiri amaopa, ndicho kutchula ndekha mawu a wotsutsa. Aliyense m'kalasi amadziwa mnyamata wina kwawo amene anakhoza mayeso a Fomu 4 koma ali pamudzi wopanda ntchito. Ukapanda kutchula zimenezi, omvera amazitchula okha mumtima, ndipo uwataya. Tsono ndi mawu 70 ndinavomera kuti inde zimenezi zilipo ndithu. Koma ndinati mnyamata ameneyo, ngakhale alibe ntchito, amawerengera agogo ake malangizo a pa botolo la mankhwala, amadziwa zolembedwa pa thumba la feteleza, ndipo sasaina pepala limene sanalimve. Mawu 50 otsiriza anali pempho limodzi laling'ono: kuti pa tchuthi aliyense aphunzitse mng'ono wake mmodzi kuwerenga manambala a pa sikelo. Pempho liyenera kukhala chinthu chimene womvera angathe kuchita sabata lomwelo. Ukawauza kuti atukule dziko, amangogwedeza mitu ndi kuiwala.

Tsono za Chingerezicho. Usalembe mawu ako m'Chichewa ndi kuwamasulira pambuyo pake, pakuti ziganizo zimatuluka zazitali ndi zopotoka. Yamba wafotokozera mnzako nkhaniyo pakamwa m'Chingerezi chimene uli nacho, ndipo ulembe monga mmene wanenera. Chiganizo chimene sungachimalize ndi mpweya umodzi uchidule pakati. Liwu limene sunalimvepo likutchulidwa ulisiye, ngakhale likongole bwanji.

Pali misampha itatu imene imakola ife olankhula Chichewa. Woyamba ndi wakuti ife timati "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, koma Chingerezi chili ndi liwu la mwamuna ndi lina la mkazi. M'nkhani yanga munali amayi, mlongo wanga ndi wogula wamwamuna, ndipo poyeserera ndinawasokoneza kotero kuti mnzanga anayesa kuti amayi ndiwo anali kuba. Wachiwiri ndi malembo a l ndi r. Kwa ife kuwasinthanitsa sikusintha tanthauzo, koma m'Chingerezi kungasandutse liwu la kupemphera kukhala la kusewera. Wachitatu ndi wakuti mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndiye chifukwa chake timati buku, sukulu, tebulo. Polankhula Chingerezi lilime limafuna kuwonjezera kalembo komweko kumapeto, ndipo uyenera kuligwira. Dula mzere kunsi kwa mawu onse otere m'kope mwako, nuwatchule mokweza kakhumi.

Usaloweze liwu ndi liwu monga ndinachitira ine. Loweza chiganizo choyamba ndi chotsiriza chokha. Pa kapepala kokwana m'dzanja lemba mitu isanu: funso, mtedza, tanthauzo, wotsutsa, pempho. Liwu likakuthawa, yang'ana mutu wotsatira ndi kupitirira ndi mawu ena, pakuti palibe adziwa chimene unalemba.

Njira yodziwira ngati wakonzeka ndi yapafupi. Tenga mnzako madzulo tikatuluka ku pulepu, umuimike patali ngati kumapeto kwa kalasi, ali ndi wotchi. Ukatha mphindi zitatu zisanakwane ndi patali, ndiye kuti ukuthamanga chifukwa cha mantha, ndipo upume pang'ono pakutha pa mutu uliwonse. Ukapitirira, chotsa mawu, osati kufulumiza lilime. Pomaliza umufunse akuuze m'chiganizo chimodzi chimene wanena. Akalephera, vuto si makutu ake koma mawu ako, ndipo ubwerere kukakonza.

Tsiku limene ndinaimirira kachiwiri mawondo ananjenjemerabe, ndipo ndinalakwa kawiri pa l ndi r. Koma aphunzitsi atafunsa kalasi chimene ndanena, manja ambiri anakwera, ndipo woyamba kuyankha anatchula makilogalamu 30 aja.