Ndani Ali ndi Kiyi wa Gulu Lathu?

Pa 24 Malichi 2025, Jeffrey Goldberg, mkonzi wamkulu wa magazini ya The Atlantic ku America, analemba nkhani imene inadabwitsa dziko. Masiku angapo m'mbuyomo, iye anapezeka ali m'gulu lina la pa Signal mmene akuluakulu a boma la America ankakambirana zokaphulitsa mabomba ku Yemen. Sanathyole chitseko ayi. Anachita kulowetsedwa kuchokera pa akaunti ya Mike Waltz, amene panthawiyo anali mlangizi wa pulezidenti pa zachitetezo, ndipo anakhalamo masiku angapo popanda womufunsa kuti ndi ndani. Mauthenga a pa Signal ndi otetezedwa kuti munthu wa panjira asawawerenge, monganso a pa WhatsApp, koma chitetezo chimenecho sichigwira ntchito kwa munthu amene walowetsedwa m'kati.

Magulu athu sakambirana za nkhondo, komabe muli zinthu zosayenera kuonedwa ndi aliyense: manambala a foni, mndandanda wa amene sanamalize kusonkha, dzina la mnzathu amene wadwala. M'phunziro lino tiona maudindo atatu a m'gulu lochezeramo, mwini, membala ndi mlendo, kenako tiyankhe funso lovuta lija la amene ayenera kuitana anthu akunja.

Maudindo atatu

Tiyambe ndi mapulogalamu amene anapangidwira ntchito za m'maofesi, chifukwa iwowa amasiyanitsa maudindowa momveka bwino. Pa Microsoft Teams pali Owner, Member ndi Guest. Mwini ndiye amawonjezera ndi kuchotsa anthu komanso kusintha malamulo a gulu. Membala amacheza ndi kuika mafayilo, ndipo pa gulu lotsekedwa akhoza kupempha kuti wina alowetsedwe, koma wovomereza ndi mwini. Mlendo ndi munthu wochokera kunja kwa sukulu kapena kampani, ndipo pafupi ndi dzina lake pamaoneka chizindikiro chakuti ndi mlendo, kuti aliyense adziwe asanalembe kanthu. Amene angalowetse mlendo pa Teams ndi mwini yekha.

Pa Slack pali mwini wamkulu mmodzi yekha, Primary Owner. Ndi iye yekha amene angafafanize malo onse ochezeramo, ndipo ndi iyenso amene angapereke umwiniwo kwa wina. Alendo ali mitundu iwiri: Single-Channel Guest amaona chipinda chimodzi chokha, Multi-Channel Guest amaona zipinda zimene mwamusankhira. Mlendo mukhoza kumuikira tsiku loti akaunti yake idzatsekeke yokha. Koma alendowa amapezeka pa Slack yolipira yokha. Pa yaulere, aliyense amene mwamuitana amalowa ngati membala wathunthu, ndipo akhoza kutsegula zipinda zonse zosatseka n'kuwerenga zimene munalemba iye asanabwere.

Nanga WhatsApp, imene ambirife timagwiritsa ntchito chifukwa cha mtengo wa bandulo? Kumeneko kuli adimini ndi membala basi. Udindo wa mlendo kulibe. Munthu akalowa, walowa: amaona kufotokoza kwa gulu, mndandanda wa anthu onse ndi manambala awo, ndiponso uthenga uliwonse wolembedwa kuyambira nthawi imeneyo. Choncho pa WhatsApp malire a mlendo tiyenera kuwamanga tokha.

Ulendo wa ku Khuyu

Tiyerekeze kuti ophunzira 24 akukonza zokakhala milungu iwiri ya tchuthi m'mudzi wa Khuyu pa chilumba cha Likoma, kukaphunzitsa za ukhondo ndi kuthandiza ana maphunziro. Atsegula gulu pa WhatsApp. Mmenemo akukambirana za ndalama zosonkha, tsiku lokakwera Ilala ku Nkhata Bay, ndi mankhwala amene ena a iwo amamwa tsiku ndi tsiku, poti kuchilumba sungangothamangira ku famase ya m'tauni. Kuti ulendowo utheke akufunika anthu atatu a kumeneko: mkulu amene akawalandire, mayi amene akawaphikire, ndi mwini boti amene akawanyamulire katundu.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wina amati, "Tingowaika m'gulu, azionera okha pulogalamu." Amatero ndi mtima wabwino. Koma taonani zimene zatsatira. Mwini boti tsopano akuwerenga kuti gululi laika pambali ndalama zingati za mayendedwe, mtengo asanagwirizane. Mayi wophika akuona ophunzira akukangana ngati malipiro ake achuluka. Ndipo onse atatu ali ndi manambala a ophunzira 24, atsikana ndi anyamata omwe, pamene ambiri mwa ophunzirawo sanafunsidwe. Palibe woipa pa anthu atatuwa. Angoikidwa m'chipinda chimene si chawo.

Njira yabwino ndi kutsegula gulu lachiwiri, laling'ono, la anthu asanu okha: ophunzira awiri otsogolera ndi alendo atatu aja. Gulu limeneli ndilo khonde. Mmenemo mumalembedwa zokhudza alendowo zokha, monga nthawi imene sitima ikuyembekezeka, kuchuluka kwa katundu, ndi chiwerengero cha anthu odya. Zimene gulu lalikulu liyenera kudziwa, atsogoleri awiriwo amazipititsa okha. Ulendo ukatha, adimini amathokoza, amachotsa anthu onse, kenako n'kutulukamo ndi kulifafaniza.

Pali msampha umodzi apa. WhatsApp inabweretsa Communities mu Novembala 2022, kuti magulu angapo azikhala pansi pa denga limodzi. N'zosavuta kuganiza kuti khonde lija liyenera kukhalanso pansi pa dengalo. Koma gulu likalowetsedwa mu Community, anthu ake onse amayamba kulandira zolengeza za Community yonseyo. Khonde likhale panja.

Woitana akhale ndani?

Ena amati aliyense aziitana, chifukwa ndi mmene gulu limakulira ndipo sitifuna kuoneka okhwimitsa zinthu. Ena amati mwini yekha. Maganizo athu ndi akuti zonse ziwiri zili ndi vuto. Aliyense akamaitana, palibe amene amayankhira za mlendo. Aliyense amaganiza kuti wina akumudziwa, monga zinachitikira pa Signal paja. Mwini yekha akamaitana, ntchito imaima tsiku limene foni yake yatha moto kapena ali pakati pa nyanja popanda netiweki, ndipo anthu akatopa kudikira amatsegula magulu ena am'mbali amene palibe akuwayang'anira.

Chimene chimathandiza ndi kugawa ntchitoyi pawiri. Membala aliyense ali ndi ufulu wotchula munthu, koma wolowetsa ndi adimini, ndipo maadimini akhale awiri kapena atatu. Wotchulayo amayankha mafunso atatu: munthuyu ndi ndani, akufunika kuona chiyani, ndipo adzatuluka liti. Yankho la funso lachiwiri ndilo limasonyeza ngati malo ake ndi m'nyumba kapena pakhonde. Wotchulayo amakhala mboni ya mlendoyo mpaka atatuluka.

Pa WhatsApp zimenezi zimakonzedwa motere. Adimini atsegule zambiri za gulu, apite pa Group permissions, azimitse Add other members kuti mamembala asamalowetse anthu okha, ndipo ayatse Approve new members kuti aliyense wofuna kulowa adikire chilolezo. Pa Slack, ngati simunasinthe kanthu, mamembala amatha kuitana anthu, choncho mwini ayenera kuyatsa lamulo lakuti adimini azivomereza kaye.

Za linki

Linki yoitanira ndi yosiyana ndi kulowetsa munthu pa nambala yake. Linki sidziwa nkhope. Amene wayilandira akhoza kuitumiza kwa wina, ndipo imagwirabe ntchito mpaka adimini ataisintha. Mu Febuluwale 2020 zinadziwika kuti malinki ambiri a magulu a WhatsApp ankapezeka pongofufuza pa Google, chifukwa eni ake anawaika pa masamba oonekera kwa aliyense. Gulu la anthu 24 odziwana silifunika linki konse. Adimini akhoza kuwalowetsa mmodzimmodzi m'mphindi zochepa. Ngati linki yagwiritsidwa ntchito, ndi bwino kudina Reset link anthu akangomaliza kulowa, ndiponso nthawi iliyonse imene wina wachotsedwa. Kuno ambiri tili ndi manambala awiri, ya TNM ndi ya Airtel, ndipo wochotsedwa pa nambala imodzi akhoza kubwerera ndi inayo ngati linki yakale ikadali yamoyo.

Tingadziwe bwanji kuti mwalowa munthu wosayenera? Choyamba ndi kuwerenga. Ngati m'kaundula muli mayina 24 koma foni ikusonyeza anthu 27, atatuwo ayenera kudziwika mayina, ngakhale atakhala manambala achiwiri a anzathu. Chachiwiri, dzina loyamba ndi kachizindikiro ka ~ ndi dzina limene munthuyo anadzipatsa yekha, ndipo aliyense akhoza kudzilemba kuti ndi Abusa kapena Aphunzitsi. Chithunzi nachonso chimabedwa mosavuta. Umboni weniweni ndi kuimba nambalayo n'kumva mawu.

Pa Likoma pali chinthu china choyenera kusamala nacho. M'madera ambiri a Malawi, nambala yosayamba ndi +265 ikapempha kulowa, adimini amangoikana. Koma Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo Cobue ali kutsidya pafupi pomwepa. Anthu amawoloka kukagula, kukagulitsa ndi kukaona abale, moti mwini boti wokhala ndi nambala yoyamba ndi +258 si wachilendo. Kukana chifukwa cha nambala yokha kungatseke kunja munthu amene tikumufuna, ndipo kuvomera chifukwa nambala ndi ya kwathu sikutsimikizira kanthu. Adimini afunse mboni ija: kodi nambala iyi ndi imene munaimbapo?

Mwini akamaliza sukulu

Magulu a ophunzira ali ndi vuto limene maofesi sakumana nalo kawirikawiri: chaka chilichonse atsogoleri amamaliza maphunziro n'kupita. Pa WhatsApp, munthu amene anatsegula gulu sangachotsedwe ndi maadimini ena, ngakhale kumutsitsa paudindo. Ngati anamaliza zaka ziwiri zapitazo, akadali ndi mphamvu yolowetsa ndi kuchotsa aliyense, ndipo foni yake ikabedwa, mphamvuyo ili m'manja mwa wakubayo. Komanso adimini akakhala mmodzi yekha n'kutuluka osasiya wina, WhatsApp imasankha yokha membala wina kukhala adimini. M'gulu losakaniza ophunzira ndi alendo, wosankhidwayo akhoza kukhala mwini boti uja.

N'chifukwa chake kusiyirana gulu kuyenera kuchitika tsiku lomwelo limene tikusiyirana mabuku a ndalama. Wotsegula gulu aike kaye maadimini atsopano awiri, kenako atuluke yekha. Pa Slack, Primary Owner apereke umwini asanachoke, imelo yake ya sukulu isanatsekedwe. Pa Teams, gulu likhale ndi eni ake osachepera awiri, ndipo mmodzi akhale mphunzitsi kapena wogwira ntchito amene adzakhalapobe chaka chamawa. Maadimini atsopanowo ntchito yawo yoyamba ikhale kudutsa mndandanda wonse, dzina ndi dzina, n'kuimbira nambala iliyonse imene yakhala chete kwa teremu yathunthu, chifukwa nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali kampani ya foni imatha kuipereka kwa munthu wina.