Kuwerenga chojambula cha bulaketi ya alumali

Funso: Wowotcherera zitsulo wina wa ku Insaca, m'boma la Mecanhelas, walandira chojambula cha bulaketi yonyamulira alumali. Papepalapo pali zithunzi zitatu ndi manambala opanda muyezo. Kodi chimawerengedwa bwanji?

Yankho: Zithunzi zitatuzo ndi za chinthu chimodzi: kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali. Choyamba kuona ndi cha kutsogolo, chifukwa ndicho chimaonetsa maonekedwe enieni, monga chilembo cha L.

Zojambula zambiri za ku Mozambique zimatsata kachitidwe ka ku Ulaya. Chithunzi cha pamwamba chimakhala pansi pa cha kutsogolo, ndipo zooneka kuchokera kumanzere zimajambulidwa kumanja. M'kachitidwe ka ku America, chithunzi cha pamwamba chimakhala pamwamba. Wosokoneza ziwirizi amaboola bowo kumbali yolakwika, ndiye nkoyenera kuyamba waona chizindikiro cha kachitidwe m'kabokosi ka pakona ya pepala.

Mzere wonenepa ndi m'mphepete mooneka, wodukizadukiza ndi mobisika. Mzere woonda wa mivi uku ndi uku ndi wa muyezo, ndipo manambala ake amakhala mamilimita. Ngati kutsogolo kwalembedwa 150 choimirira ndi 100 chopingasa, pamwamba 40, bulaketiyo ndi yotalika mamilimita 150, yotuluka 100, yotambalala 40. Chizindikiro cha Ø10 chikutanthauza bowo la mamilimita 10 m'mimba mwake, ndipo malo ake amayezedwa kufika pakati pa bowolo.

Kuyeza chithunzi ndi rula nkosadalirika, popeza fotokope imakulitsa kapena kuchepetsa. Chotsata ndi nambala yolembedwa.