Mawu a mfumu mu lipoti

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu. Ndingadziwe bwanji ngati ndalemba molondola mawu a mfumu mu lipoti?

Yankho: Bambo mlembi, popeza mawu a akulu akoma akagonera, muwasunge mosamala. Mukalemba monga anatulukira m'kamwa, ikani mpatuliro ndi mitengero: Mfumu inati, "Ndidzabwera mawa kuno." Koma mukawafotokoza nokha, chotsani mitengero, ikani "kuti", sandutsani "ndi-" akhale "i-", "mawa" akhale "tsiku lotsatira", "kuno" kukhale "kumeneko": Mfumu inanena kuti idzabwera kumeneko tsiku lotsatira. Nthawi ya mneni musaisinthe monga Chingerezi chichitira, "-dza-" akhalebe. Mukapeza "ndi-" atatsalira pambuyo pa "kuti", konzani, pakuti wowerenga adzayesa kuti wobwerayo ndinu.